Amotizeshoni ndi chani kwenikweni? Mafunso ndi mayankho pa nkhani ya loni komanso kutsika mtengo kwa makina m'mabuku

Mawu awa amotizeshoni anthu amakumana nawo malo awiri, pa pepala la loni lija amakupatsani ku banki komanso m'mabuku a akaunti, ndiye ambiri amangoganiza kuti ndi chinthu chimodzi chomwecho. Pano titenga chitsanzo chimodzi basi, cha munthu amene wagula makina ndi ndalama ya loni, n'kuyenda nacho mpaka kumapeto kuti muone pamene ziwirizi zikufanana ndi pamene zikusiyana. Manambalawo ndi ongophunzirira, muikepo ndalama ya mtundu uliwonse yomwe mumagwiritsa ntchito, masamu ake sasintha.

Mwachidule, amotizeshoni ndi chani?

Ndi kutenga ndalama yaikulu imodzi n'kumaichepetsa pang'onopang'ono pa nthawi yodziwika, motsatira ndondomeko, mpaka ithe. Pa loni, chomwe chikuchepacho ndi ngongole yanu. M'mabuku a bizinesi, chomwe chikuchepa ndi mtengo womwe munagulira katundu, womwe mukuugawa pa zaka zonse zomwe katunduyo agwire ntchito. Kufanana kwake kwathera pompo. Pa loni ndalama imatulukadi m'thumba mwezi uliwonse, pomwe m'mabuku palibe olo kandalama kamodzi kotuluka, ndi kulemba chabe.

Pa shedyulo ya loni pali timizere tambirimbiri, ndiziwerenga bwanji?

Mzere uliwonse ndi mwezi umodzi, ndipo umakuuzani zinthu zinayi: ndalama yomwe mulipire mwezi umenewo, gawo lomwe lapita ku chiwongola dzanja kapena kuti intelesiti, gawo lomwe lapita ku ngongole yeniyeni yomwe a banki amati pulinsipo, ndi balansi yotsala.

Tiyerekeze mwatenga loni ya 1,000,000, intelesiti 12 peresenti pachaka, kubweza miyezi 24. 12 peresenti pachaka mukaigawa ndi miyezi 12 ndi 1 peresenti pamwezi. Malipiro a mwezi uliwonse atuluka 47,073.47 ndipo sasintha kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza. Chomwe chimasintha ndi zamkati mwake.

| Mwezi | Malipiro | Intelesiti | Pulinsipo | Balansi |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 47,073.47 | 10,000.00 | 37,073.47 | 962,926.53 |
| 2 | 47,073.47 | 9,629.27 | 37,444.20 | 925,482.33 |
| 3 | 47,073.47 | 9,254.82 | 37,818.65 | 887,663.68 |

Onani mwezi woyamba. Ngongole ndi 1,000,000, 1 peresenti yake ndi 10,000, imeneyo a banki amatenga kaye. Yotsala pa malipiro anu, 37,073.47, ndi yomwe imakadula ngongole. Mwezi wachiwiri sawerengeranso pa miliyoni ayi, akuwerengera pa 962,926.53, nde intelesiti yatsika kufika 9,629.27, ndipo poti malipiro ndi omwe aja, gawo lopita ku pulinsipo lakwera. Zimangopita choncho mwezi ndi mwezi mpaka mwezi wa 24 pomwe intelesiti imangokhala 466 ndipo 46,607 yonse imapita kukatseka ngongole. Mukaphatikiza zonse mwalipira 1,129,763, kutanthauza kuti loni yakudyerani 129,763.

Nanga 47,073.47 imeneyo yachokera kuti? A banki amangoiganiza?

Ayi, pali fomula yake, ndipo aliyense atha kuiwerengera.

```
malipiro = P * r / (1 - (1 + r)^-n)
```

P ndi ndalama yomwe mwabwereka, r ndi intelesiti ya mwezi umodzi, apa 0.01, n ndi kuchuluka kwa miyezi, apa 24. Ngati masamu amphamvu amakutopetsani, mu Excel mungolemba izi:

```
=PMT(12%/12,24,-1000000)
=IPMT(12%/12,2,24,-1000000)
=PPMT(12%/12,2,24,-1000000)
```

Yoyambayo ikupatsani malipiro a pamwezi, yachiwiri intelesiti ya mwezi wachiwiri, yachitatu pulinsipo ya mwezi womwewo. Pomwe anthu amalakwitsa kwambiri ndi kuiwala kugawa ndi 12, amangoika 12% basi ndiye kompyuta imaiona ngati 12 peresenti pamwezi n'kutulutsa nambala yoopsa. Nambala ya banki itha kusiyana pang'ono ndi yanu chifukwa mabanki ena amawerengera intelesiti pa masiku, mwezi wa masiku 31 umadya yochulukirapo kuposa wa masiku 28, koma kusiyanako kuyenera kukhala kochepa. Kukakhala kwakukulu ndiye kuti muli zina zomwe aphatikizamo, mwina inshulansi kaya mafizi, kafunseni.

Ndalipira theka la nthawi koma ngongole sinafike pa theka. Akundibera?

Funso ili limabwera pafupipafupi ndipo ndimamvetsa kuti zimawawa, munthu wakhala akulipira mokhulupirika chaka chathunthu kenaka sitetimenti ikubwera ndi balansi yoti sumayembekezera. Koma nthawi zambiri si kuba ayi, ndi mmene amotizeshoni imayendera. Pa loni yathu ija, ikatha miyezi 12 mwalipira 564,882, koma balansi ili pa 529,816, osati 500,000. Chifukwa chake n'choti pa ndalama mwalipirayo, 94,697 yapita ku intelesiti, ndipo 470,184 yokha ndi yomwe yadula ngongole. Chaka chachiwiri mulipiranso 564,882 yomweyo koma intelesiti ingokhala 35,066.

Intelesiti imachuluka koyambirira osati chifukwa a banki akufuna adyeretu, koma chifukwa nthawi imeneyo ndi pomwe muli ndi ndalama zawo zambiri. Pa loni ya zaka ziwiri kusiyanaku n'kochepa ndithu. Pa loni yaitali ngati ya nyumba ya zaka 20 ndiye zimaoneka moipa kwabasi, zaka zoyambirira gawo lalikulu la malipiro limangothera ku intelesiti balansi ikungoyenda pang'onopang'ono ngati sikusuntha.

Ngati mukufuna kutsimikiza kuti sakukuberani, tengani balansi ya mwezi watha, muichulukitse ndi intelesiti ya pamwezi, muone ngati ikufanana ndi intelesiti yomwe alemba mwezi uno. Ndi kufufuza kwa mphindi imodzi ndipo kumagwira zolakwika zambiri.

Wina akuti 12 peresenti fulati, wina akuti 12 peresenti pa balansi yotsala. Si zofanana?

Ayi ndithu, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chomwe ndingakonde muchigwire pa nkhani ya loni ndi chimenechi. Pa fulati, intelesiti amaiwerengera pa ndalama yonse yomwe munabwereka poyamba, nthawi yonse ya loni, olo mutabweza kale yambiri. Ndiye 12 peresenti ya 1,000,000 ndi 120,000 pachaka, zaka ziwiri 240,000. Zonse pamodzi 1,240,000, kugawa ndi 24 ndi 51,666.67 pamwezi.

Ndiyetu yerekezani, uku intelesiti 129,763, uku 240,000, onse akuti 12 peresenti. Mwezi womaliza wa loni ya fulati mwatsala ndi ngongole yosakwana 42,000 koma mukulipirabe intelesiti ya 10,000 ngati muli ndi miliyoni yonse. Mukafuna kudziwa kuti fulati imeneyi ikufanana ndi peresenti yanji ya pa balansi yotsala, lembani izi:

```
=RATE(24,-51666.67,1000000)*12
```

Ikupatsani pafupifupi 21.6 peresenti. Kungoyang'ana shedyulo muthanso kudziwa, ngati gawo la intelesiti likulembedwa nambala yomweyomweyo mwezi uliwonse osatsika, imeneyo ndi fulati. Musanasayine chilichonse funsani funso limodzi losavuta, kuti ndikamaliza ndikhala nditalipira zingati zonse pamodzi, kuphatikizapo mafizi. Nambala imeneyo siinama.

Ndikatalikitsa nthawi malipiro amachepa, ndiye si bwino kutenga yaitali?

Amachepadi. Loni yomweyo pa miyezi 48 malipiro ndi 26,333.84 pamwezi, koma intelesiti yonse imafika 264,024, kuposa kuwirikiza kawiri ya miyezi 24 ija. Sindikunena kuti yaitali ndi yoipa nthawi zonse, ngati bizinesi singakwanitse 47,000 pamwezi kuli bwino kutenga yomwe mungathe kusiyana ndi kuphonya malipiro n'kumadulidwa mapenate. Chachikulu mudziwe kuti mpumulowo mukuugula.

Ndikapeza ndalama yapadera n'kukaponyako, zimathandiza?

Zimathandiza ngati ndalamayo aika ku pulinsipo. Tinene kuti itatha miyezi 12 mwaponyako 100,000, balansi yachoka pa 529,816 kufika 429,816. Mukapitiriza kulipira 47,073.47 yomwe ija, loni itha m'miyezi 10 m'malo mwa 12, ndipo malipiro omalizawo angokhala pafupifupi 29,365. Intelesiti yotsala itsika kuchoka 35,066 kufika pafupifupi 23,210, mwapulumutsa cha m'ma 11,900. Mukanaponya ndalama yomweyo koyambirira mukanapulumutsa yochulukirapo chifukwa ikanakhala ndi miyezi yambiri yosabala intelesiti.

Koma chenjerani pa zinthu ziwiri. Obwereketsa ena mukangoika ndalama osanena kanthu amaisunga ngati malipiro a miyezi ikubwerayi, balansi osatsika, nde inu mukuona ngati mwadula ngongole chonsecho intelesiti ikuyendabe pa balansi yakale. Muwauze molemba kuti ipite ku pulinsipo ndipo mupemphe shedyulo yatsopano. Chachiwiri, makontilakiti ena ali ndi chindapusa cha kubweza msanga, werengani kaye muone ngati chindapusacho sichikuposa zomwe mupulumutse.

Zingatheke kuti ndikulipira koma ngongole ikukula?

Zimatheka. Intelesiti ya mwezi woyamba ija inali 10,000, ndiye mutalipira 8,000 yokha, 2,000 yotsalayo atha kuiphatikiza ku ngongole, balansi n'kukhala 1,002,000, mwezi wotsatira intelesiti n'kuwerengeredwa pamenepo. Zimachitikanso pa nthawi yopumira ija amati muyamba kulipira pakatha miyezi ingapo, nthawi zambiri intelesiti siipuma, imangounjikana. Ndipo ngati intelesiti ya loni yanu ndi yosinthasintha, ikakwera shedyulo yakale ija yatha ntchito, pafunika ina.

Chabwino, tsopano za makina. Amotizeshoni ikubweramo bwanji?

Apa ndi pomwe mawu amasokonekera. Anthu ambiri pocheza amanena kuti tikuamotaiza makina, ndipo aliyense amamva zomwe akutanthauza, komanso m'zilankhulo zina monga Chifalansa mawu amodzi omwewo amagwira ntchito pa zonse ziwiri. Koma m'mabuku otsatira malamulo a akaunti a dziko lonse lapansi otchedwa IFRS, katundu wogwirika ngati makina, galimoto ndi nyumba amati dipulisiyeshoni ndipo lamulo lake ndi IAS 16, pomwe amotizeshoni ndi ya katundu wosagwirika monga laisensi, patenti kapena pulogalamu ya kompyuta, lamulo lake IAS 38. Ganizo lake ndi limodzi, kugawa mtengo pa zaka zogwiritsa ntchito. Mwachitsanzo laisensi ya pulogalamu ya 90,000 yogwira zaka zitatu mumalemba 30,000 chaka chilichonse, imeneyo nde amotizeshoni yeniyeni m'mabuku. Ngati mukulemba mayeso kapena malipoti oti odita aone, pa makina lembani dipulisiyeshoni.

Bwanji osangolemba mtengo wonse wa makina ngati ndalama yowonongedwa chaka chomwe ndagula?

Chifukwa makinawo sagwira ntchito chaka chimodzi. Mukalemba zonse chaka choyamba mabuku aonetsa kuti mwaluza koopsa, kenaka zaka zinayi zotsatira aonetsa phindu lonenepa ngati makinawo munangopatsidwa ulere, ndipo zonse ziwiri ndi zabodza. Choopsa chake chenicheni chili pa kuika mitengo ya katundu wanu. Ngati simukuwerengera kutha kwa makina mu zomwe mumawononga popanga chinthu, muzigulitsa motchipa mukuona ngati mukupindula, tsiku lomwe makina adzafe mudzapeza kuti phindu lija munkadya linali makina omwewo.

Nde amawerengera bwanji?

Pafunika manambala atatu: mtengo, zaka zomwe agwire ntchito, ndi ndalama yomwe mungadzapeze powagulitsa atatopa.

Mtengo si wa pa invoisi wokha ayi. Mumaphatikiza zonse zomwe mwalipira kuti makinawo afike pamalo ndi kukhala okonzeka kugwira ntchito, monga thiransipoti, msonkho wolowetsera katundu womwe sabweza, kuwamanga ndi kuwayesa. Tinene makina athu anagulidwa 1,150,000, kunyamula ndi kumanga 100,000, zonse 1,250,000. Mwiniwake anaikapo 250,000 yake, 1,000,000 ndi loni ija. Akuyembekeza kuti agwira zaka zisanu kenaka adzagulitsa 50,000 ngati sikilapu.

Njira yosavuta kwambiri ndi yogawa mofanana chaka chilichonse. 1,250,000 kuchotsa 50,000 ndi 1,200,000, kugawa ndi 5 ndi 240,000 pachaka, kapena 20,000 pamwezi.

```
=SLN(1250000,50000,5)
```

Ndiye mtengo wa makina m'mabuku uziyenda chonchi kumapeto kwa chaka chilichonse: 1,010,000, kenaka 770,000, 530,000, 290,000, pomaliza 50,000. Polemba, 240,000 ija imalowa mbali ya zowonongedwa pa lipoti la phindu, ndipo mbali inayo imalowa mu akaunti yomwe imasonkhanitsa dipulisiyeshoni yonse ya zaka zapitazo. Mtengo wogulira uja 1,250,000 simuufufuta, umakhalabe, mumangoonetsa kuti pachotsedwa zingati mpaka pano.

Kuwerengera kumayamba pomwe makina akonzeka kugwira ntchito, osati tsiku lomwe mwalipira. Ngati akonzeka kutatsala miyezi inayi kuti chaka chanu cha mabuku chithe, chaka chimenecho mulemba 80,000 basi.

Pali njira zina?

Zilipo ziwiri zomwe zimagwiritsidwa ntchito kwambiri. Ina ndi yochotsa peresenti yomweyo pa mtengo wotsala. Mutatenga 30 peresenti, chaka choyamba ndi 375,000 kutsala 875,000, chachiwiri 262,500 kutsala 612,500, chachitatu 183,750 kutsala 428,750. Imadya kwambiri koyambirira ndipo imayenera zinthu zomwe zimapereka ntchito yambiri zili zatsopano kenaka n'kufooka kapena kutha fasho msanga. Kungoti 30 peresenti pa zaka zisanu imakusiyani pa 210,000 ndi kanthu, osati 50,000, ndiye peresentiyo musamangoitola, iyenera kugwirizana ndi zaka komanso mtengo wotsiriza womwe mukuyembekeza.

Inayo ndi yowerengera ntchito yomwe makina agwira. Ngati mukuyembekeza maola 12,000 pa moyo wawo wonse, 1,200,000 kugawa ndi 12,000 ndi 100 pa ola. Chaka chomwe ayenda maola 3,000 mulemba 300,000, chomwe ayenda 1,500 mulemba 150,000. Ine njira imeneyi ndimaikonda pa makina omwe ali ndi mita ya maola chifukwa imanena zoona kwambiri, koma imafuna munthu wosamala wolemba maolawo, popanda zimenezo ndi bwino kungokhala pa yofanana ija.

Loni ndi ya zaka ziwiri, ndiye makinawo ndiwagawenso pa zaka ziwiri kuti zigwirizane?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Loni ili ndi nthawi yake, makina ali ndi yawo, zili ngati mawotchi awiri omwe sayendera limodzi. Zaka za loni munagwirizana ndi a banki, zaka za makina zimadalira kuti chitsulocho chipirira mpaka liti. Olo mukanagula ndi kashi yanu popanda loni, dipulisiyeshoni ikanakhala 240,000 yomweyo.

Tiyeni tione chaka choyamba bwinobwino. Ndalama yomwe yatuluka kupita ku banki ndi 564,882. Koma pa lipoti la phindu simulemba yonseyo. Mulembapo intelesiti yokha, 94,697, kuphatikiza dipulisiyeshoni 240,000, zonse 334,697. Pulinsipo ija 470,184 si ndalama yowonongedwa, mwangobweza za eni, imangochepetsa ngongole pa balansi shiti, lipoti loonetsa katundu ndi ngongole za bizinesi. Ndiye pali kusiyana kwa pafupifupi 230,000 pakati pa zomwe zatuluka m'thumba ndi zomwe mabuku akuti mwawononga. Ichi n'chifukwa chake mwini bizinesi amatha kumuuza akauntanti kuti inu mukuti tapanga phindu, nanga ndalamayo ili kuti, mu akaunti mulibe kanthu. Onse awiri akunena zoona, ndalama yapita kukadula ngongole mwachangu kuposa mmene makina akuthera.

Chaka chachitatu zinthu zimatembenuka. Loni yatha, ku banki sikukupita kalikonse, koma mabuku akulembabe 240,000 chaka chilichonse mpaka chachisanu. Apa phindu la m'mabuku limaoneka lochepa kuposa kashi yomwe ikutsala m'manja.

Cholakwika chomwe chimapezeka kwambiri m'mabuku a mabizinesi ang'onoang'ono ndi kulemba 47,073.47 yonse ngati zowonongedwa mwezi uliwonse, kenaka n'kulembanso dipulisiyeshoni pamwamba pake. Pamenepo makina mwawawerengera kawiri. Mmene mungadziwire n'zosavuta, yang'anani ngongole pa balansi shiti kumapeto kwa chaka, ngati ikadali 1,000,000 pomwe sitetimenti ya banki ikuti 529,816, ndiye kuti pulinsipo yalowera kolakwika.

Ndipo pali mbali ina yofunika kuisamala musanatenge loni. Musalole kuti zaka za loni zipose zaka za makina. Mukatenga loni ya zaka zisanu ndi ziwiri pa makina omwe atha m'zaka zisanu, zaka ziwiri zomalizazo muzilipira chinthu chomwe chinafa kale, uku mukufunanso ndalama yogulira ena.

Ndiye kuti dipulisiyeshoni ndi ndalama yomwe ikusungidwa kuti ndidzagule makina ena?

Ayi. Palibe akaunti yomwe muli ndalama imeneyo, ndi nambala ya m'mabuku chabe. Mukafuna kudzakhala ndi yogulira ena muyenera kuisunga nokha padera mwadala, komanso mukumbukire kuti pofika zaka zisanu makina atsopano mwina adzakhala atakwera mtengo, 1,200,000 ija singadzakwane.

Mabuku akuti makina ndi a 530,000. Ndi mtengo womwe ndingagulitsire?

Osati kwenikweni. 530,000 ikungotanthauza gawo la mtengo wogulira lomwe simunaligawebe, msika ulibe nazo ntchito zimenezo. Mukagulitsa kumapeto kwa chaka chachitatu pa 450,000, mulemba kuluza kwa 80,000. Mukagulitsa pa 600,000 mulemba phindu la 70,000. Kenaka mumachotsa m'mabuku zonse ziwiri, mtengo wogulira 1,250,000 ndi dipulisiyeshoni yosonkhanitsidwa 720,000, anthu amaiwala zimenezi ndiye mumapeza m'kaundula wa katundu muli makina omwe anagulitsidwa kalekale akuwerengeredwabe.

Ngati nthawi iliyonse mukagulitsa makina akale mukumaluza kwambiri, chimenecho ndi chizindikiro choti zaka mumaika n'zochuluka kapena mtengo wa sikilapu mumauika pamwamba.

Nditazindikira pakati kuti makinawa safika zaka zisanu, ndibwerere kukonza zaka zakale?

Simubwerera, mumakonza kuyambira pomwe muli kupita kutsogolo. Tinene patatha zaka ziwiri, mabuku ali pa 770,000, makaniko akukuuzani kuti ndi mmene mukuwagwiritsira ntchito atsala ndi zaka ziwiri osati zitatu. Mutenga 770,000 kuchotsa 50,000, kugawa ndi 2, ndiye kuyambira pano ndi 360,000 pachaka. IAS 16 imafuna kuti zaka ndi mtengo wotsirizawu muziziunikanso kosachepera kamodzi kumapeto kwa chaka chilichonse cha mabuku. Koma ngati makina aonongeka mwadzidzidzi, kaya apsa kaya ntchito yawo yatheratu, imeneyo ndi nkhani ina, mtengo wawo umatsitsidwa nthawi imodzi kufika pa ndalama yomwe angabweretsedi.

Makina akangokhala osagwira ntchito miyezi ingapo, ndiimitse kuwerengera? Nanga ndalama zokonzetsera?

Pa njira yofanana ija simuimitsa, makina ongokhala amakalambabe, dzimbiri limagwira ndipo atsopano abwino akutuluka. Pa njira ya maola ndi pomwe itha kukhala ziro poti sanayende.

Zokonzetsera za masiku onse monga oyilo, malamba, mabering'i ndi sevisi zimalembedwa ngati zowonongedwa chaka chomwecho. Koma mukasintha chiwalo chachikulu, tinene injini yonse, yomwe igwire zaka zingapo, mtengo wake umawonjezeredwa ku makina n'kugawidwa pa zaka zake, ndipo mtengo wotsala wa injini yakale ija umachotsedwa m'mabuku.

Afika pa 50,000 koma akugwirabe ntchito bwinobwino, nditani?

Mumasiya kuwerengera, simungatsike kupyola pamenepo, koma amakhalabe m'kaundula mpaka mutawagulitsa kapena kuwataya. Zikungosonyeza kuti zaka munaika zinali zochepa, ndipo mukanazindikira msanga mukanatalikitsa zaka zotsala monga tachitira pamwambapa.

A msonkho amavomereza manambala omwewa?

Intelesiti ya loni ya bizinesi nthawi zambiri imaloledwa kuchotsedwa pa phindu musanawerengere msonkho, pulinsipo ayi. Pa makina, maiko ambiri satenga dipulisiyeshoni yanu ya m'mabuku, ali ndi maperesenti awoawo a mtundu uliwonse wa katundu, ndiye powerengera msonkho 240,000 ija imabwezeredwa ku phindu n'kuchotsa nambala ya malamulo a dzikolo. Choncho musadabwe kuona manambala awiri osiyana pa makina amodzi, ina ya mabuku ina ya msonkho, ndipo musasinthe zaka za m'mabuku kuti zifanane ndi za msonkho ngati sizikugwirizana ndi mmene makinawo akuthera. M'kaundula wa katundu ikani mizati iwiri, ndipo pa makina aliwonse mulembe tsiku lomwe anayamba ntchito, mtengo wonse, zaka, njira yomwe mwasankha ndi nambala ya loni yomwe inawagula ngati ilipo, kuti kumapeto kwa chaka muthe kufananitsa balansi ya ngongole ndi sitetimenti ya banki.